Chuku cha Abambo pa Intavyu Yanga

Uthenga woti ndikapezeke pa intavyu unafika Lachiwiri, ndipo pofika Lachitatu mudzi wonse unali utamva kuti mwana wa a Bizwick walembedwa ntchito ku Namitete. Wofalitsa anali abambo anga omwe. Ine ndinali ndisanalembedwe kalikonse. Bungwe la Tikolore, lomwe limagula mtedza ndi soya kwa alimi a m'makalabu, linkafuna wachinyamata mmodzi wa intaneshipi, woti kwa miyezi isanu ndi umodzi aziyenda ndi alangizi awo kuphunzira ntchito. Oitanidwa tinalipo asanu ndi awiri. Dipuloma yanga ya zaulimi inali itagona zaka ziwiri m'sutukesi pamodzi ndi yunifolomu ya amayi ya Chigwirizano, ndipo makalata ofunsira ntchito omwe ndinalemba akanatha kufolera chigafa. Iyi inali intavyu yanga yoyamba, ndipo ndinkaopa kwambiri kuti ikandiphonya, dzinja lachitatu lindipeza ndikupalira ndi dipuloma yomweyo.

Ndinaimbira msuweni wanga Tabita, mwana wa azakhali, amene amagwira ntchito mu ofesi yolemba anthu ntchito pa kampani ina ku Kanengo. Tabita amakhala mbali ina ya tebulo ija, mbali yomwe anthu amamwa madzi a m'botolo pamene mnzawo akutuluka thukuta. Anabwera Loweruka m'mawa pa kabaza, atanyamula kope ndi buledi.

"Iwe Dorcas, tamvera," anatero tili pakhonde. "Akakufunsa funso lomwe likuyamba ndi mawu oti 'tiuze nthawi ina pamene', asakupusitse, sakufuna ulaliki. Akufuna nkhani imodzi yeniyeni, yoti inakuchitikira. Uyidule patatu. Choyamba, zinthu zinali bwanji. Apo mawu ochepa, usayambire kwa Adamu. Chachiwiri, iweyo unachitapo chiyani. Apo ndiye ukhalitsepo, ndi pamene pali malikisi. Chachitatu, zinatha bwanji, ndipo ngati pali nambala uyitchule. Zonse mphindi ziwiri."

"Koma ine sindinagwirepo ntchito."

"Akudziwa, n'chifukwa chake ndi intaneshipi. Tenga za kusukulu, za kutchalitchi, za kumunda. Ukakhala ndi nkhani zitatu zabwino, mafunso ambiri amagwera momwemo. Bola zoona, chifukwa amafunsa zotsatira, ndipo bodza silipirira funso lachiwiri."

Abambo anali kuseri kwa nyumba akunamizira kukonza tcheni cha njinga. Atamva kuti tikufuna kuyeserera intavyu, anatulukira akupukuta manja n'kunena kuti panelo ya ofunsa mafunso siikhala ya munthu mmodzi. Abambo anga ndi mkulu wa mpingo, wapampando wa kalabu ya alimi a mtedza, komanso mlimi wachitsanzo, ndipo palibe mpando umene anauona wopanda munthu n'kuudutsa. Anakavala jekete la Mgonero, anatulutsa tebulo la pabalaza, n'kuikapo Baibulo ndi magalasi. Amayi anakhala pa mkeka chapatali akusankha nyemba, makutu ali kuno.

Tabita anayamba ndi funso lija losasowa. "Tiuzeni za inu."

Ndisanatsegule pakamwa, abambo anakweza chala. "Apo uyambe ndi agogo ako aamuna, amene anaumba njerwa za tchalitchi chino. Ukatero ubwere kwa ine."

"Amalume, akufuna kulemba Dorcas, osati mtundu wonse," anatero Tabita. "Anene zomwe anaphunzira, zomwe amatha, ndi chifukwa chake akufuna malo amenewa. Basi."

Funso limenelo tinalikonza msanga. Vuto linabwera pa lachiwiri: tiuzeni nthawi ina pamene munathetsa vuto. Ine ndinali nditakonzeka ndi nkhani ya kwaya. Ndinafotokoza mmene kwaya yathu ya achinyamata inatsala pang'ono kugawikana chifukwa cha mtundu wa yunifolomu, mmene ena ankafuna yobiriwira, ena yofiirira, mmene mtsikana wina analirira kuseri kwa vesitile. Ndinalankhula mokoma ndithu, mpaka amayi anasiya nyemba.

"Mphindi zinayi," anatero Tabita akuyang'ana foni, "ndipo ukadali pa gawo loyamba. Iweyo unachita chiyani?"

"Tinakhala pansi, tinakambirana."

"Iweyo."

"Ndinali pomwepo."

"Benchi nalonso linali pomwepo. Zinatha bwanji?"

"Mulungu anatithandiza."

"Ameni," anatero abambo.

"Mulungu sakufuna intaneshipi, amalume, ali kale pa ntchito." Tabita analemba mzere wautali pa kope. "Nkhani iyi yafa. Funso lina. Tiuzeni nthawi ina pamene munasemphana maganizo ndi munthu wamkulu kwa inu. Munatani?"

Abambo anavula magalasi mokondwera ngati afunsidwa vesi lomwe amalidziwa. "Limenelo ndi msampha, Dorika." Amanditchula choncho, monga zilili m'Baibulo. "Ukayankhe kuti, ine ndinaleredwa bwino, sinditsutsana ndi akuluakulu. Mawu a akulu akoma akagonera. Akakupatsa ntchito pompo."

"Akamupatsa khomo," anatero Tabita. "Iwo akufuna munthu woti akaona mlimi wa imvi akulakwitsa, athe kumuuza popanda kumunyoza. Dorcas, palibe tsiku lomwe unaona wamkulu akulakwitsa iwe n'kuchitapo kanthu?"

Pamkeka paja amayi anatsokomola. Sichinali chifuwa. Abambo anawayang'ana, kenako anayang'ana dzuwa n'kukumbukira kuti ali ndi msonkhano wa madikoni. Anapita osavula jekete.

Tabita si mwana. Njinga itangokhota, ananditembenukira. "Tandiuza za chifuwa cha amayi akowa."

Ndinamuuza. Zaka zinayi m'mbuyomo, ndili chaka choyamba ku koleji, kalabu ya abambo inapititsa mtedza ku Tikolore komweko, ndipo pafupifupi theka la matumba linakanidwa chifukwa cha chinyezi ndi chuku. Chifukwa chake chinali chodziwika kwa aliyense amene anakhalapo m'kalasi mwathu. Kwathu kuno anthu amawaza madzi mtedza asanayambe kuswa, kuti makoko afewe. Abambo monga wapampando ndi amene ankalimbikitsa zimenezi, amati n'kuchitira chifundo zala za amayi. Zoti mtedza wonyowa umalemerako pa sikelo sankazitchula, poti ndi mkulu wa mpingo. Nditabwera ku holide ndinawauza pa awiri kuti madziwo ndi amene akubweretsa chuku. Anandiyankha kuti iwo anayamba kulima mtedza ine ndisanamere mano. Wamkulu sauzidwa.

Ndiye ndinatapa mtedza pa mulu umodzi n'kuugawa pawiri. Wina ndinauwaza madzi monga mwa mwambo, wina ndinauswa wouma. Ndinamanga m'timatumba tiwiri n'kuika m'chipinda chimodzi masiku khumi. Tsiku lomasula ndinaitana amayi ndi azimayi anzawo a m'kalabu, poti oswa mtedza ndi iwowo. Kathumba konyowetsa kaja kanatuluka fungo loti ngakhale nkhuku zinapatuka. Chaka chotsatira kalabu inaumitsa bwino, sinawaze madzi, inasankha wowola n'kutaya, ndipo matumba okanidwa anali owerengeka pa dzanja limodzi. A Stanley, mlangizi wa Tikolore wa dera lathu, anasankha abambo kukhala mlimi wachitsanzo, n'kuwapatsa njinga ndi tisheti. Lamulungu lotsatira abambo anaimirira m'tchalitchi kuchitira umboni kuti nzeru yosiya kuwaza madzi inawadzera m'maloto, ngati Yosefe. Akhala akulota maloto amenewo pa msonkhano uliwonse kufikira lero.

Tabita anaseka mpaka anagwira chipilala cha khonde. Atapuma anati, "Iwe ndiwe chitsiru. Uli ndi nkhani ngati imeneyi, ukundiuza za yunifolomu? Iyi ikuyankha funso la vuto, la kusemphana ndi wamkulu, ngakhale la utsogoleri. Ndipo ndi mtedza wawo womwe!"

"Sindingakavule abambo pamaso pa alendo."

"Ndani wati ukawavule? Pa intavyu sunyoza munthu, ukanyoza amakuopa kuti mawa udzanyoza iwo. Dzina usatchule. Ungoti wapampando wa kalabu. Za sikelo uzisiye, si gawo la zomwe unachita iwe. Ofunsa amachokera ku likulu ku Lilongwe, sadziwa kuti Bizwick ndi munthu kapena mankhwala a mbozi."

Tinakhala masana onse tikuidula. Gawo loyamba analifinya mpaka linatsala ziganizo zitatu. Pa gawo lachiwiri ankandiimitsa paliponse pomwe ndinkabisala kumbuyo kwa gulu: anatapa mtedza ndani, anasankha masiku khumi ndani, anaitana azimayi ndani, ndipo chifukwa chiyani azimayi osati azibambo. Pa gawo lachitatu ananditumiza kukafunsa amayi manambala enieni, poti amayi ndi amene amasunga kope la kalabu. Anandiletsa kuloweza mawu ndi mawu. Anati ndigwire mitu itatu yokha, chifukwa woloweza akadulidwa pakati amayambiranso poyamba ngati mwana wa Sande sukulu. Tinakonzanso nkhani ziwiri zapadera, ina ya mbewu zomwe ndinaziotcha ndi feteleza pa dimba la ku koleji, yoyankhira funso la zomwe ndinalakwitsapo, ina ya ntchito ya pagulu ya m'kalasi.

Akukwera kabaza madzulo, ndinamuuza kuti mtima sukundilola. Anandiyang'ana mmene amayang'anira anthu ofika mochedwa pa intavyu. "Mbewa ya manyazi inafera kudzenje, msuweni. Zako izo."

Lachinayi abambo anandiperekeza okha mpaka ku Namitete, atavala tisheti ya mlimi wachitsanzo mkati mwa jekete. Anati akufuna anthu a Tikolore aone kumene ndachokera. Anakhala pa benchi panja, pakati pa anzanga odikira, n'kuyamba kuwalangiza za kakhalidwe. Ine ndinali wachinayi kulowa.

M'chipindamo munali anthu atatu. Mayi wina wa magalasi wochokera ku likulu, mnyamata wolemba zokambirana, ndipo kumapeto kwa tebulo, akumwetulira ngati wakumana ndi mbale wake, a Stanley. A Stanley omwe aja a njinga, amene anamva maloto a abambo kosachepera kasanu, ndipo kawiri anawaombera m'manja. Mumtima ndinatukwana Tabita pamodzi ndi likulu lakelo.

Mafunso oyamba ndinawoloka bwino. Ndinanena za maphunziro anga ndi chifukwa chomwe ndinkafunira kugwira ntchito ndi alimi a mtedza. Pa zolakwitsa ndinapereka nkhani ya feteleza, mayi uja n'kugwedeza mutu akulemba. Kenako anatembenuza pepala.

"Ntchito ino muzikumana ndi alimi akuluakulu oti anayamba kulima inu musanabadwe. Tiuzeni nthawi ina pamene munasemphana maganizo ndi munthu wamkulu kwa inu. Munatani?"

Kunena zoona, yunifolomu ya kwaya inafika mpaka pa lilime. Kudzera pa zenera ndinkaona msana wa jekete la abambo, dzanja lawo lili m'mwamba akuphunzitsa ana a eni. Ndinawamvera chisoni, ndipo nthawi yomweyo ndinawakwiyira, chifukwa zaka zitatu ndinakhala pa benchi la kwaya ndikumvetsera timatumba tanga tikusanduka maloto. Ndinakumbukiranso khasu lomwe linkandidikira kunyumba.

"Chaka china kalabu ya kwathu inabweretsa kuno matumba 40 a mtedza," ndinayamba, "ndipo 18 anakanidwa chifukwa cha chinyezi ndi chuku. Alimi ankawaza madzi asanaswe, ndipo wapampando ankakhulupirira kuti njirayi ilibe vuto."

A Stanley anasiya kumwetulira n'kuika cholembera pansi. Ine ndinapitiriza, poti wolowa m'madzi sabwerera pakati. Ndinanena za kulankhula ndi wapampando pa awiri, za timatumba tiwiri, za masiku khumi, za azimayi. Ndinamaliza ndi manambala: chaka chotsatira matumba 46, okanidwa awiri okha.

"Kodi mtedza ukamaoneka woyera ndiye kuti mulibe poizoni?" anafunsa mayi uja.

"Ayi. Poizoni wa chuku atha kukhalamo maso osaona, n'chifukwa chake inu mumayeza. Timatumba tija tinali tongothandiza anthu kuona zomwe madzi amachita."

Apo a Stanley anatsamira kutsogolo. "Wapampando ameneyu ndi ndani wanu?"

Ankadziwa. Ankangofuna aone ngati ndizembe.

"Ndi abambo anga."

"Ndiye atamva fungo lija anatani?"

Funso limenelo ine ndi Tabita sitinalikonzekere. Ndinayankha zomwe zinachitika, ndipo ndikuyankha ndi pamene ndinazindikira kuti ndinali ndisanaziganizirepo bwino. A Stanley analemba nthawi yaitali. Mayi uja anandithokoza n'kunena kuti adzaimba foni.

Ndikanakonda zikanathera pomwepo. Koma a Stanley anatuluka nane limodzi kuti akaitane wotsatira, ndipo ataona abambo anatambasula manja. "A Bizwick! Bwanji simunatiuze kuti maloto anu aja anapita ku koleji?" Ananena moseka, mopanda njiru, koma pa benchi paja panali anthu atatu ndi mlonda. Abambo anaseka nawo kaseko kouma. Kenako anamanga mabatani onse a jekete mpaka tisheti inabisika.

Njira yonse yobwerera sanandilankhule. Kunyumba anayamba kundilankhula kudzera mwa amayi, ine ndili pomwepo. "Muuzeni mwana wanuyo nkhuku zalowa m'dimba." Amayi ankanditembenukira ndi nkhope yowongoka n'kubwereza, ngati womasulira pa msonkhano wa chitsitsimutso. Lamulungu abambo sanakhale kutsogolo ndi akulu anzawo mpaka abusa atawakodola. Ine zinkandiwawa. Ndinkati ndagulitsa bambo anga, ndipo mwina ndawagulitsa pa ntchito yoti sindiipeza n'komwe.

Foni inalira Lolemba masana ndikuchapa. Anali mayi wa magalasi uja. Anati ndikayambe pa 1 mwezi wotsatira. Amayi analulutira mpaka agalu a oyandikana nawo anayamba kuuwa. Abambo anali pansi pa mtengo wa mango akusoka thumba, ndipo sanadzutse mutu.

Phokoso litatha anandiitana, okha, osadzera mwa munthu.

"Dorika. Khala apo." Ndinakhala pa njerwa. "Undiuze mmene unawauzira. Monse. Patatu paja."

Ndinawauza. Gawo loyamba anamvetsera akusoka. Pa timatumba anafwenthera. Nditamaliza manambala anafunsa, osandiyang'ana, "Za sikelo?"

"Sindinanene."

"Stanley anafunsa chiyani?"

"Anafunsa kuti inu munatani mutamva fungo."

Singano inaima. "Unati chiyani?"

"Ndinati munakhala chete tsiku lonse. Ndinati m'mawa mwake munatenga kathumba kowola kaja n'kuyenda nako nyumba ndi nyumba, makomo 23, kununkhitsa azibambo anzanu amene masiku onse munkawauza kuti aziwaza madzi. Ndinati ine azimayi anandimvera, koma azibambo sakanamvera mtsikana wa chaka choyamba, ndipo popanda inu kalabu ikanawazabe. Ndinati chomwe ndinaphunzirapo n'choti wamkulu usamugonjetse pagulu, umupatse chinthu choti aone yekha."

Za kuyenda makomo 23 abambo sanazitchulepo m'tchalitchi ngakhale kamodzi, chifukwa kuti azitchule ankayenera kuyamba n'kunena kuti analakwitsa. Maloto anali osavuta.

"Nambala yako ndi yolakwika," anatero pomaliza.

"Ndinatenga m'kope la amayi."

"Kope la amayi ako limadziwa zomwe zinafika pa sikelo. Matumba anali 41. Limodzi ndinalitsitsa pa ngolo tisanafike pa msewu wa tala, ndinalisiya kwa Pius wa matayala. Linkanunkha moti ndinachita manyazi kuti Stanley alitsegule. Linali langa, la m'munda mwanga, ndipo ndinalithira ndowa yathunthu ya madzi." Anabaya singano m'thumba n'kukoka ulusi. "Oipa anali 19. Ukakayamba ntchito ukawauze akonze. Usakayambe ndi bodza la ine."